Mchere umanyowa bwanji mvula isanaugwere?

Ambirife tinaloweza lamulo lija ku sekondale: zinthu zimachoka pomwe zachuluka kupita pomwe zachepa. Tinalilemba pa mayeso a MSCE, tinakhoza, tinaliiwala. Ine ndikuti lamuloli ndi loperewera, ndipo umboni wake uli m'khitchini mwa aliyense amene anasiyapo mchere m'mbale yosavundikira mwezi wa Januwale.

Mcherewo umanyowa wokha, mpaka pansi pa mbale pamachita timadzi. Madziwo achokera mumpweya. Koma tawerengani: tsiku lachinyezi kwambiri, kutentha kuli madigiri 25, malita 1,000 a mpweya amasunga madzi okwana magalamu 20 okha. Lita imodzi ya madzi a mchere okhathamira ili ndi madzi opitirira magalamu 800. Ndiye kuti madzi akuchoka kosauka kupita kolemera. Lamulo lathu lija likanakhala lokwanira, mcherewo bwenzi ukuuma.

Ine sindiphunzira sayansi. Masiku anga amathera pa mbiri ndi zolembalemba. Funsoli ndinamufunsa mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, yemwe amaphunzira kemisitile, ndipo anandiyankha ndi dzina lomwe ndinali ndisanalimvepo: kemiko potensho. Amene anabweretsa ganizoli ndi Josiah Willard Gibbs, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Yale ku Amereka, m'zaka za m'ma 1870. Masiku ano limalembedwa ndi chilembo cha Chigiriki μ, chomwe chimatchulidwa kuti myu.

Mwachidule, potensho ndi muyeso wa mmene chinthu chikufunira kuchoka pomwe chili. Madzi alibe mtima, inde, koma mawu akuti kufuna amathandiza. Funso la Gibbs silakuti madzi alipo angati pano. Funso ndi lakuti, ndikachotsa timadzi pang'ono pano n'kutiika apo, mphamvu yotha kugwira ntchito itsika kapena ikwera? Ikatsika, kusamukako kumachitika kokha. Ikakwera, sikuchitika pokhapokha wina akankhe. Pomwe mbali ziwiri zafanana potensho, kusamuka kumaoneka ngati kwaima.

Nanga n'chifukwa chiyani ulendowu umakhala wotsetsereka nthawi zonse? Mamolekyu a madzi sadziwa kolowera. Amangogundana n'kumadumpha uku ndi uku. Pamwamba pa madzi ena amathawira mumpweya, ena amabwerera, nthawi imodzimodziyo. Zomwe timaona ndi maso ndi zotsala tikachotsera obwerera pa othawa. Ndipo kuthawa kumadalira zinthu ziwiri. Choyamba ndi mmene molekyu yagwiridwira ndi zoyandikana nazo. Chachiwiri ndi mpata womwazikira: mwa njira zonse zomwe mamolekyu angakhalire, zosakanikirana ndi zomwazikana n'zambiri kutalitali kuposa zounjikana, choncho mwangozi chabe zinthu zimathera kumeneko. Lamulo la ku sekondale limangowerenga mitu. Potensho imaphatikiza ziwiri zonsezi mu nambala imodzi. Madzi akasakanikirana ndi mchere amagwiridwa ndiponso amakhala atamwazikana kale, motero kufuna kwawo kuchoka kumachepa.

Nambalayo mukhoza kuipeza pa foni yanu. Tiike madzi oyera pa ziro, ngati poyambira. Potensho ya madzi pena paliponse, pa kutentha komweko, imapezeka motere:

Δμ = RT ln(a)

Pa madigiri 25, RT ndi pafupifupi majulu 2,480 pa molo imodzi. Julu ndi muyeso wa mphamvu, ndipo molo imodzi ya madzi ndi magalamu 18, kungopitirira pang'ono supuni yaikulu. Batani la ln lili pa kakyuleta ya foni. Chilembo a ndi chinyezi chomwe azanyengo amalengeza: 50 peresenti ndi 0.5, 90 peresenti ndi 0.9. Madzi a mchere okhathamira nawo ali ndi a wawo, yemwe ndi 0.75.

Tiyeni tiwerenge. Masana a mu Okutobala, chinyezi chili pa 50 peresenti, yankho ndi pafupifupi −1,720. Madzi a mchere okhathamira ali pa −710. Mpweya wa mvula, wa 90 peresenti, uli pa −260. Madzi oyera ali pa 0. Awa ndi makwerero, ndipo madzi amangotsika. Mu Okutobala mpweya uli pansi pa mchere, choncho mchere wonyowa umauma. Mu Januwale mpweya wakwera pamwamba pa mchere, choncho madzi amatsikira mu mcherewo. Malire ake ndi 75 peresenti. Zilibe kanthu kuti mumpweya madzi ndi ochepa. Ochepawo ali pamalo okwera.

Makwerero omwewa amafotokoza za zochapa. Madzi a m'malaya onyowa ali pafupi ndi ziro, ndiye amatsikira mumpweya uliwonse wosakhuta chinyezi. Koma phompho la 1,720 silofanana ndi la 260, ndipo chinyezi chikafika 100 peresenti phompho limatheratu. Amene anayanikapo jinzi kuseri kwa hositelo masiku a chiperoni akudziwa zomwe ndikunena: mawa lake imakhala ili chinyowere.

Pomwe nkhaniyi imakhudza thumba ndi kumunda. Madzi a m'mizu ya chimanga amakhala pansi pang'ono chabe pa ziro, mwina −10 kapena −20. Dothi lonyowa bwino limakhala pamwamba pake, n'chifukwa chake madzi amalowa mumzu popanda wopopa. Tsono ikani feteleza wodzaza chitsekerero cha botolo pa tsinde penipeni, dothi lili louma pang'ono. Timadzi tomwe tilipo timasungunula fetelezayo n'kukhala tokhathamira, potensho yake n'kugwa kufika mazanamazana pansi pa ziro. Makwerero atembenuka. Madzi amatuluka mumzu kupita m'dothi, masamba amafota, nsonga zake zimauma ngati zawauka. Timati feteleza wawotcha mbewu, koma palibe moto. Mbewuyo yayamwidwa madzi. Langizo la alangizi loti tikumbe kadzenje patali pang'ono ndi phesi, ndiponso tithire dothi lili lonyowa, gwero lake ndi limeneli. Ndi mtengo wa thumba la feteleza masiku ano, kusadziwa zimenezi ndi kutaya ndalama kawiri, pa feteleza ndi pa mbewu.

Potensho ili ndi malire ake. Imanena kolowera, sinena liwiro. Mchere wa m'botolo lotseka bwino umakhala wouma dzinja lonse ngakhale phompho lilipo, chifukwa njira yatsekedwa. Zochapa zimauma msanga kukakhala mphepo, pakuti mphepo imachotsa mpweya wonyowa womwe wazinga nsalu. Chachiwiri, chinthu chilichonse chili ndi makwerero akeake: a madzi si a mchere, ndipo ziwirizi zikhoza kuyenda mosemphana nthawi imodzi, monga zimachitikira pa nsomba yothiridwa mchere, pomwe madzi akutuluka mchere ukulowa. Chachitatu, kukwera makwerero n'kotheka, koma kumalipiridwa. Mizu imakoka michere ina kuchokera m'dothi mokweza, ndipo imawononga mphamvu yochokera ku shuga kuti itero.

Sindikunena kuti ana a fomu 2 aziphunzitsidwa ln. Koma chiganizo chimodzi chikhoza kusintha popanda masamu alionse. M'malo mofunsa kuti zachuluka kuti, mphunzitsi afunse kuti n'kuti komwe chinthuchi chikuvutika kukhala. Lamulo lakale limagwira ntchito mbali ziwiri zikakhala zofanana mtundu, monga tiyi wa pansi pa kapu ndi wa pamwamba pake shuga akusungunuka. Mbali imodzi ikakhala mpweya, ina mchere kapena muzu, kuwerenga mitu kumasocheretsa, ndipo mlimi amene wangodalira lamulolo sadziwa chomwe chapha chimanga chake.