Okosijeni ndimayamba ndamusiya

Ndimaphunzitsa kemisitiri kusekondale, ndipo ndikagawa pepala la mafunso olinganiza maikwezhoni, ndimauza ana kuti abise bolopeni, atulutse pensulo ndi labala. Ntchitoyi ndi yolemba n'kufufuta.

Funso limene ndimakonda kuyambira ndi la kuyaka kwa byuteni, gasi wa m'malaita uja:

C₄H₁₀ + O₂ → CO₂ + H₂O

Pansi pa muvi timajambula mzere wotsika, n'kuwerenga maatomu mbali iliyonse payokha. Kumanzere kuli kaboni 4, haidirojeni 10, okosijeni 2. Kumanja kaboni 1, haidirojeni 2, okosijeni 3. Ambiri amalemba 2 pamenepa, poiwala kuti okosijeni wina wabisala m'madzi.

Chololedwa n'kuika nambala kutsogolo kwa fomula basi. Timanambala ta m'munsi sitikhudzidwa. Mwana akasintha H₂O kukhala H₂O₂ kuti masamu amuyendere, ndiye kuti wachotsa madzi n'kuikapo mankhwala otsukira zilonda.

Timayamba ndi kaboni chifukwa mbali iliyonse akupezeka malo amodzi. Tikaika 4 kutsogolo kwa CO₂, wakwana. Haidirojeni akufunika 10 kumanja, ndipo m'madzi amalowa awiriawiri, choncho tikulemba 5H₂O. Tikangoika nambala timafufuta zakale n'kuwerenganso, pakuti 4 uja wachulukitsanso okosijeni wa mu CO₂.

Tsopano okosijeni. Ndimamusiya dala mpaka pano chifukwa kumanzere waima yekha, moti kumusintha sikusokoneza zimene takonza kale. Kumanja tili ndi 8 wochokera ku 4CO₂ ndi 5 wa m'madzi, onse pamodzi 13. Apa kalasi imayamba kung'ung'udza, poti O₂ amabwera awiriawiri: 6 atipatsa 12, 7 atipatsa 14. Ena amabwerera kukafufuta kaboni, amene sanalakwe kanthu. Ine ndimati lembani kaye 6 ndi theka mopepuka, kenako muchulukitse chilichonse kawiri:

2C₄H₁₀ + 13O₂ → 8CO₂ + 10H₂O

Pochonga mapepala, diso langa limathamangira pa byuteni. Kutsogolo kwake kunali 1 wosalembedwa, ndipo iyeyu ndi amene amaiwalika pochulukitsa. Ndikapeza 13, 8 ndi 10 koma 2 palibe, ndimadziwa kuti mwanayo njira akuidziwa, kungoti sanawerengenso komaliza. Akanatero akanapeza kaboni 4 kuno, 8 uko. Yankho lolondola limapereka kaboni 8, haidirojeni 20 ndi okosijeni 26 mbali zonse ziwiri.

Nthawi zina manambala amangokulirakulira osagwirizana. Zikatero ndimamuuza mwana kuti asiye kuwerenga, ayang'anenso mafomula amene wakopera. Kawirikawiri amakhala atalemba CO m'malo mwa CO₂, kapena wataya 0 wa pa H₁₀.