Pamene atsibweni ayankhula kwa alendo a zilankhulo ziwiri

Ntchito yanga ndi kulembera anthu zoti akayankhule pa ukwati. Ndinayamba ngati wowongolera mwambo m'maholo a ku Lilongwe, koma akuluakulu atazolowera kundikokera pambali Lachisanu madzulo kuti ndiwakonzere mawu a mawa, ndinasiya maikolofoni n'kugwira cholembera. Ambiri amene amandifuna masiku ano ndi mabanja amene mwana wawo wapeza banja kunja, ndipo ku phwando kudzakhala alendo osamva Chichewa. Pempho lawo silisintha: "Mutilembere m'Chichewa, kenako mumasulire zonse m'Chingerezi." Kulembako ndimavomera, koma kumasulira zonse ndimakana.

Ndimakana chifukwa cha nthawi. Munthu wamkulu akamawerenga mosathamanga, n'kumapuma kuti amayi alulutire, amatha mawu a Chichewa pafupifupi 90 pa mphindi. Zoyankhula za mphindi zisanu ndi imodzi mukazimasulira mzere ndi mzere zimapitirira mphindi khumi ndi ziwiri, pamene chakudya chikuzizira ndipo perekani-perekani, amene komiti ikudalira kuti abweze ndalama za holo, sanayambe. Komanso m'holo ya m'tauni anthu ambiri amamva zilankhulo zonse ziwiri. Akangozindikira kuti chilichonse achimva kawiri, amatembenukira kwa mnzawo n'kuyamba macheza, ndipo phokosolo limakwirira Chingerezi chimene mwavutikiracho. Alendo amene mumafuna kuwathandiza ndi amene amatsala osamva kanthu.

Ndifotokoze ndi ntchito imodzi. Woyankhula anali atsibweni a mkwatibwi, mphunzitsi wopuma wa ku Dedza, mwinimbumba weniweni. Mwana wa mlongo wawo ndi namwino ku Glasgow, ndipo ankakwatiwa ndi mnyamata wa komweko. Kuchimuna kunabwera makolo, mlongo wa mkwati ndi anzake angapo, okwana matebulo awiri. Koma omvera Chingerezi sanali okhawo. Panali adzukulu a m'banja lomweli obadwira ku Joni, amene Chichewa chawo chimathera pa moni, komanso anamwino anzake a mkwatibwi ochokera maiko ena, amene Chingerezi si chilankhulo cha kwawo. Ndimafunsa zimenezi msanga, chifukwa ndi zimene zimandiuza kuti Chingerezicho chikhale cha ziganizo zazifupi, chopanda zining'a.

Sindiyamba ndi kulemba. Ndimakhala pansi ndi mwiniwake, n'kumufunsa kuti andiuze za mwanayo monga angauzire mnzake pa khonde, foni ikujambula mawu. Atsibweniwa anayankhula ola lathunthu. M'menemo ndinatolamo nkhani imodzi yokha: mtsikanayo ali ku pulaimale ankamanga mbuzi za agogo ake mabandeji a nsanza, mbuzizo zisakudwala, mpaka agogo anadzaletsa kuti asayandikirenso khola. Ndinatolanso kayankhulidwe kawo. Iwo sanena "mwana wanga" koma amamuitana ndi mfunda wake, ndipo asananene chinthu cholemera amayamba ndi "tsonotu". Zimenezo ndimazisunga m'pepala, kuti a kwawo asadzanong'onezane kuti awa awalembera.

Tinagwirizana mawu 480 a Chichewa ndi 120 a Chingerezi, Chingerezicho chogawidwa malo anayi. Lamulo langa posankha malowo ndi lakuti Chingerezi chimalowa pamene mlendo akuyankhulidwa iye mwini, kapena pamene akufunika kuchitapo kanthu. Kwina konse amvere ndi maso.

Malo oyamba ndi malonje. Apa ndondomeko ya kwathu sindiisuntha: mafumu poyamba, atsogoleri a mpingo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, makolo, kenako khamu. Mndandanda wonsewu umanenedwa m'Chichewa chokha, chifukwa nyakwawa imene yakwera minibasi kuchokera kumudzi ikamva mlendo akutchulidwa iyo isanatchulidwe, nkhaniyo idzakambidwa mpaka ku maliro a chaka chamawa. Malonje atatha, atsibweni anatembenukira ku matebulo awiri aja n'kunena ziganizo zitatu m'Chingerezi: kuwalandira powatchula maina, kudzitchula kuti iwo ndi mchimwene wa mayi a mkwatibwi ndipo kuno amene amayankhulira banja ndi iyeyo, ndi kuwachenjeza kuti zambiri zikhala m'Chichewa koma sadzasiyidwa kumbuyo. Chiganizo chapakaticho n'chofunika. Kwawo kwa alendowa amene amaimirira pa phwando ndi bambo a mkwatibwi, ndipo akaona bamboyo ali phee pampando amayamba kuganiza kuti m'banjamo muli mkangano.

Pamenepa pamabwera chiyeso china. Aliyense woyankhula kwa anthu a ku Sikotilandi amafuna kuwakumbutsa kuti mzinda wathu wa Blantyre unatenga dzina la kwawo kwa David Livingstone, kufupi ndi Glasgow, mishoni itakhazikitsidwa mu 1876. N'zoona, ndipo mphunzitsi wopuma sangazisiye. Ndinawapatsa chiganizo chimodzi. Iwo ankafuna ndime yonse, yofika mpaka ku Livingstonia, koma alendowo anali atamva kale zomwezo kwa dalaivala, kwa abusa ndi ku chinkhoswe.

Malo achiwiri ndi nkhani ya mbuzi ija, ndipo apa ndi pamene pali luso limene ambiri saliganizira. Chingerezi chimatsogola, sichitsatira. Mukafotokoza nkhani yoseketsa m'Chichewa, holo yonse n'kuseka, kenako n'kuyamba kumasulira, alendo amamva nthabwala yozizira, ndipo amaseka okha mwaulemu anzawo atasiya kale. Ndiye ndinalemba kuti atsibweni ayambe ndi ziganizo ziwiri za Chingerezi: tsopano ndifotokoza momwe namwino wanuyu anayambira ntchito, odwala ake oyamba anali mbuzi za agogo ake, ndipo palibe imene inkadwala. Alendo amaseka pang'ono pamenepo, ndipo a kwathu odziwa Chingerezi amatchera khutu. Kenako nkhani yonse imayenda m'Chichewa, ndi manja, ndi kutsanzira mawu a agogo. Holo ikamaphulika, alendo akudziwa chimene chikusekedwa, ndipo amaona atsibweni akumanga bandeji m'malere. Onse amasekera pamodzi.

Malangizo a banja ndi mbali yaitali kwambiri, ndipo sindiimasulira n'komwe. Ndi ya ankhoswe, azakhali ndi agogo, amene amabwera kudzamva ngati mwambo wanenedwa. Muli miyambi, ndipo mwambi ukamasuliridwa umafuna kufotokozedwa, kufotokozako n'kufunanso kufotokozedwa. Atsibweni ankafuna kunena kuti ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. M'Chichewa aliyense amamva kuti akunena za chibwenzi cha mseri ndi amiseche. M'Chingerezi, kwa makolo amene dzulo lake ku chinkhoswe anauzidwa kuti banjali lili ndi ankhoswe oweruza nkhani zake, zikanamveka ngati tikudzitsutsa, kapena ngati tikuwauza iwowo kuti asamayendere ana awo. Panalinso wakuti mkamwini asamakule mwendo. Umenewu ndinawapempha kuti auchotse ngakhale m'Chichewa, chifukwa pa tebulo la akwati nthawi zonse pamakhala wina wonong'oneza mkwati zimene zikunenedwa, ndipo wonong'onezayo sindinamulembere ine.

Zimenezi zikundikumbutsa vuto limene limawononga ntchito yabwino: wowongolera mwambo amene amalanda maikolofoni kuti athandize kumasulira. Amawonjezera zake, amafupikitsa za eni ake, nthawi zina amasandutsa mawu olemera kukhala nthabwala. Ndimamupatsa pepala lake usiku wake, n'kumuuza kuti mbali imeneyi yakonzedwa kale, iye apume.

Malo achitatu anali mawu kwa mkwati ndi makolo ake. Apa ndinatembenuza zinthu: Chingerezi chinakhala mawu enieni, Chichewa n'kubwera pambuyo mwachidule kuti a kumudzi akhale mboni. Chovuta n'chakuti ulemu wathu umakhala m'kati mwa mawu, mu "inu" ndi mu "a-", pamene Chingerezi chimatchula mfumu ndi mwana mofanana. Atsibweni atawerenga koyamba anati, "Ndikumva ngati ndikuwatukwana asewere athu." Ulemuwo tinausamutsira ku thupi. M'pepala ndinalemba kuti asunthe mapazi awiri kulowera ku tebulolo, atsitse mawu, awerame pang'ono. Ndipo anawakumbutsa zimene anaona okha ku chinkhoswe, tambala amene anapereka ndi msoti umene analandira, n'kuwauza kuti kuyambira pamenepo mabanja awiriwa ali ndi njira yoyenderana, pa mtendere ndi pa mavuto. Chinthu chimene mlendo wachigwira ndi manja ake sichifuna kumasulira kwambiri.

Malo achinayi ndi aafupi ndipo ambiri amawaiwala: kuuza alendo chimene chikubwera. Kuti nyimbo ikayamba magulu aziitanidwa, kuti pali tebulo losinthira ndalama, kuti ya K5,000 aisinthe ikhale zing'onozing'ono kuti avine nthawi yaitali, ndiponso kuti kuponya ndalama m'lichero uku ukuvina si chipongwe. Mlendo wosauzidwa amaponya ndalama zake zonse pa nyimbo yoyamba, kenako dzina la banja lake likaitanidwa amaimirira chimanjamanja.

Pepala lenilenilo ndimalisindikiza ndi zilembo zazikulu, saizi 18, mbali imodzi yokha, masamba olembedwa manambala. Chingerezi ndimachiika m'bokosi ndi zilembo zonenepa, kuti maso akachoka pa pepala n'kubwerera apeze malo msanga. M'mphepete ndimalemba pamanja: pumani, yang'anani kumanzere, dikirani nthungululu zithe. Maina achilendo ndimawalemba monga amamvekera m'kamwa mwathu, nditamufunsa mkwati kuti awatchule pa foni, chifukwa maina a ku Sikotilandi kalembedwe ndi katchulidwe siziyendera limodzi. Sindilola kuwerengera pa foni. Imazima pakati pa chiganizo, ndipo dzanja lina lagwira kale maikolofoni.

Kuyeserera timachita ataimirira, mokweza, ine nditagwira wotchi. Chimene ndimamvetsera ndi pamene mawu akusintha. Ambiri, ngakhale aphunzitsi, akafika pa Chingerezi amathamanga ndipo mawu amatsika, ngati akufuna kuwoloka msanga. Ena amachita zosiyana: Chingerezi chimawakomera, amasiya pepala n'kupitiriza, mpaka agogo akumudzi atayamba kusinza. Atsibweni a ku Dedza anali a gulu lachiwirili, zaka zonse zija za m'kalasi. Mankhwala ake ndi kulemba mawu oyamba a Chichewa otsatira m'kati mwa bokosi la Chingerezi lomwelo, kuti lilime libwerere kwawo diso lisanatuluke m'bokosi. Kwa iwo ndinaika "tsonotu" wawo uja pansi pa bokosi lililonse. Poyeserera komaliza anatha mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinauza komiti kuti iwerengere khumi, chifukwa nthungululu za azakhali a ku Dedza sizikhala pa wotchi.