Khofi wa ku Misuku m'madzi a ku Senga Bay

Ntchito yanga ndi yophika khofi wa alendo pa loji ina ku Senga Bay, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Salima. Ndimadzuka mbandakucha, asodzi a usipa akubwerera kumtunda, ndipo ndisanakhudze khofi ndimayamba ndayang'ana chigubu cha madzi. Kale sindinkachita zimenezi. Ndinkaganiza kuti luso lonse lili pa kagayidwe ndi katenthedwe, ndipo madzi ndi madzi basi bola akhale oyera. Koma m'kapu ya khofi wosefa, pa magawo 100 alionse, oposa 98 ndi madzi. Khofi weniweni wosungunuka ndi gawo limodzi ndi kachidutswa chabe.

Chimene chinanditsegula maso ndi thumba limodzi la khofi wa alimi a Mzuzu Coffee, wochokera m'mapiri a Misuku ku Chitipa, wokazingidwa mosapsereza. Ndinamulawa koyamba ku Mzuzu, ndipo ankawawasa mokoma ngati lalanje lakupsa, ndi katseketseke kotsalira pa lilime. Nditafika naye kuno ndinapima monga mwa nthawi zonse: magalamu 15 pa madzi okwana mamililita 250, m'botolo lagalasi la sefa yokankhira pansi, mphindi 4. Madzi ndinatunga pa mjigo umene tinkagwiritsa ntchito masiku amenewo. Anatuluka khofi wosukuluka, wolemera m'kamwa, wonunkhira ngati dothi la chulu. Ndinagaya mosalala, anangowonjeza kuwawa. Ndinagaya mokhakhala, anangozizira ngati ndiwo zopanda mchere. Lalanje lija silinabwerenso.

Poyamba ndinaloza chala zoyera zomatirira pansi pa ketulo zija, zooneka ngati njereza. Aliyense wa kuno amawadziwa madzi otere: sopo sachita thovu, tiyi amayandamitsa kachikopa pamwamba. Amayi amangoti ndi madzi a mchere, ngakhale pamene mulibe mchere wa m'ndiwo. Chimene chimakana sopo ndi kalisiyamu ndi maginiziyamu, zimene madzi amasungunula m'miyala akamadutsa pansi pa nthaka. Koma patapita nthawi ndinazindikira kuti ziwirizi si zimene zinandibera lalanje langa. Wakuba anali wachitatu, mnzawo woyenda nawo limodzi, dzina lake bayikaboneti.

Amene anaphikapo therere amamudziwa kale, chifukwa soda wa m'therere ndi bayikaboneti, ndipo chidulo cha phulusa chimagwira ntchito yofanana. Tsinani soda pang'ono, muthire m'madzi a bwemba kapena a malambe, mulawe. Kuwawasa kuja kumatha, n'kutsala madzi ozizira. Khofi wabwino wa m'mapiri amakoma chifukwa cha timaasidi ta chipatso chake, tofanana ndi ta mandimu ndi ta maapulo. Madzi akakhala ndi bayikaboneti wambiri, timaasidito timaphedwa m'kapu momwemo. Khofiyo watulutsa zonse zimene anali nazo, koma lilime silizipeza. N'chifukwa chake kusintha kagayidwe sikunandithandize: vuto silinali pa kutulutsa, linali pa kupha zimene zatuluka.

Amene anandiphunzitsa kupima si munthu wa khofi. Ndi bambo wina wosamalira mbuna za m'matanki, zimene zimagwidwa m'nyanja muno n'kutumizidwa kunja. Anthu a nsomba amakhala ndi timabotolo tiwiri ta mankhwala odontheza. Kolembedwa GH kamapima kalisiyamu ndi maginiziyamu, kolembedwa KH kamapima bayikaboneti. Umathira madzi mamililita 5 m'kachubu, n'kumadontheza limodzilimodzi uku ukugwedeza, mpaka mtundu usinthe. Pa KH madzi amachoka ku mtundu wa buluu kupita ku wachikasu, pa GH amachoka ku wa lalanje kupita ku wobiriwira. Dontho lililonse likuimira mamiligalamu pafupifupi 18 pa lita. "Achimwene," anatero bambowo, "mbuna zimafuna madzi olimba kuti zikhale moyo. Khofi wanuyo mwina akufuna zina. Pimani zonse ziwiri, musakhulupirire kamodzi kokha."

Ndinapima. Madzi a pa mjigo wathu anadya madontho 15 a GH ndi 17 a KH. Madzi a m'nyanja anadya 5 a GH ndi 7 a KH. Madzi a mvula a m'thanki anasintha mtundu pa dontho loyamba. Bungwe la Specialty Coffee Association, limene limaika miyezo ya khofi wapamwamba, limalimbikitsa kuti kulimba kwa madzi kukhale pakati pa mamiligalamu 50 ndi 175 pa lita, ndipo mphamvu yopha asidi ija ikhale pafupi ndi 40. M'chiyankhulo cha madontho, ndiye kuti GH ya 3 mpaka 10, ndi KH ya 2 kapena 3. Apa m'pamene nyanja yathu imanyenga. Madzi ake salimbana ndi sopo, sadzaza ketulo ndi njereza, GH yake ili bwinobwino. Koma KH yake ndi pafupifupi katatu kuposa imene khofi wosapsereza amafuna.

Tsiku lina mwera ukuwomba, alendo kulibe, ndinaphika khofi wa ku Misuku yemweyo m'madzi atatuwo, muyezo umodzi, nthawi imodzi. Wa pa mjigo anali woderapo, wolemera, wosiya kukhakhala ngati choko ku mano. Wa m'nyanja anali wofewa, womweka, koma wopanda nkhope: sukanadziwa ngati wachokera ku Misuku kapena ku Thyolo. Wa mvula ananditsinya nkhope. Lalanje linabwera, koma losapsa, lobaya m'mbali mwa lilime, ndipo kapuyo inali yopepuka ngati madzi otsukira. Pamenepo ndinaphunzira kuti bayikaboneti si mdani woti athamangitsidwe yense. Pang'ono amafunika kuti kuwawasa kukhale ndi malire, monga mmene therere limafunira soda wa pa nsonga ya supuni, osati wodzaza dzanja.

Nanga kalisiyamu ndi maginiziyamu? Mu 2014 wasayansi Christopher Hendon ndi mwini malo omwera khofi a ku Bath ku England, Maxwell Colonna-Dashwood, anasindikiza kafukufuku wosonyeza mwa masamu a pa kompyuta kuti ziwirizi zimagwirana ndi tinthu tokometsa khofi, ndipo maginiziyamu amagwira molimba kuposa kalisiyamu. Mu 2015 anatulutsa buku lotchedwa Water for Coffee. Akatswiri akukanganabe ngati ziwirizi zimakokadi zambiri kuchokera mu ufa wa khofi, kapena zimangosintha mmene lilime limamvera. Kumbali yanga, ndikawonjezera maginiziyamu pang'ono m'madzi a mvula, kapu imadzaza m'kamwa ndipo kutsekemera kumamveka. Koma kusintha kumeneko n'kochepa poyerekeza ndi kwa KH, kumene ngakhale mlendo wosazolowera khofi amakuzindikira.

Ambiri amaganiza kuti kuwiritsa kumathetsa zonse. Pa madzi a mjigo kumathandizadi. Akawira, kalisiyamu amagwirana ndi bayikaboneti n'kugwa pansi, ndipo ndi njereza ya m'ketulo ija. Nditawiritsa mphindi 10, n'kuwasiya usiku wonse, n'kutsanula a pamwamba, GH inatsika kufika pa 8 ndi KH pa 10. Kutsika kwake n'kwakukulu, koma 10 akadali kutali ndi 3. Pa madzi a m'nyanja kuwiritsa kunangochotsa dontho limodzi, chifukwa kalisiyamu woti agwe naye ndi wochepa, ndipo bayikaboneti wina amayenda ndi sodiyamu, amene sagwa pansi ngakhale uwiritse tsiku lonse. Sefa ya makala nayonso ili ndi malire ake. Imachotsa fungo la kolorini m'madzi a pa mpopi, chinthu chofunika kwambiri chifukwa kolorini amanunkhitsa khofi ngati chipatala, koma GH ndi KH siizikhudza.

Njira imene ndinakhazikika nayo ndi yosakaniza. M'chigubu cha malita 20 ndimathira malita 7 a madzi a m'nyanja, otungidwa patali ndi pochapira ndi kusefedwa, ndi malita 13 a madzi a mvula. Masamu ake ndi osavuta. KH ya nyanja ya madontho 7 ndi mamiligalamu pafupifupi 125, ndipo ikasungunuka chonchi imatsala pafupifupi 44, pomwe ndimafuna. Koma GH nayo imatsika, kuchoka pa 89 kufika pa 31, ndiye yachepa. Ndimaibwezera ndi mchere wa Epsom wa ku famase, umene uli ndi maginiziyamu koma ulibe bayikaboneti. Magalamu 2 m'malita 20 amawonjezera pafupifupi 40, GH n'kufika cha m'ma 70. Ndikapimanso, KH imasintha pa dontho lachitatu, GH pa lachinayi. Mcherewu ndimaupima pa sikelo, osati ndi supuni, chifukwa ukachuluka umawawa ndipo umatsegula m'mimba. Madziwa ndimawawiritsa mpaka abwate mphindi yathunthu chifukwa cha kolera ndi likodzo, kenako ndimadikira pang'ono kuti atsike kufika cha pa madigiri 93 ndisanathire pa khofi.

Chovuta chachikulu ndi chilimwe. Mvula ikatha mu Epulo, thanki iyenera kundifikitsa mu Novembala kapena Disembala, ndipo madzi a mvula yoyamba ndimawataya chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za pa malata. Thanki ikatsika ndimasakaniza theka ndi theka, KH n'kukhala pa madontho 4, ndipo lalanje limachepa koma silitha. Ikauma ndimagula madzi a m'mabotolo, koma ndimayamba ndawadontheza, chifukwa kuyera kwa botolo sikunena kanthu za bayikaboneti. Mjigo wina uli ndi vuto lakelake la chitsulo: ukaona ndowa ikufiira pansi madzi akagona, ndipo tiyi akuda ngati inki, khofi wake amakoma ngati msomali, ndipo kusakaniza sikumupulumutsa.

Sikuti kapu iliyonse imafuna ntchito yonseyi. Khofi wokazingidwa mpaka kuda, wothira mkaka ndi shuga, amamweka bwino m'madzi a m'nyanja owiritsa, chifukwa moto unawotcha kale kuwawasa kumene bayikaboneti akanapha. Chigubu changa ndimasungira khofi wosapsereza, womwedwa wopanda mkaka. Mlimi wa ku Misuku anathyola zipatso zofiira zokhazokha, anazitsuka, anaziyanika pa thandala milungu iwiri akuzitembenuza ndi manja. Zonsezo zikhoza kufera m'ketulo yanga m'mphindi 4. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse, nyali za asodzi zikuzima pa nyanja, ndimatenga kachubu, n'kuwerenga madontho, ndipo buluu akasanduka chikasu pa lachitatu m'pamene ndimayatsa moto.