Funso lomwe ndinalifufuta katatu

Ndimaphunzitsa mbiri pa sekondale ina kuno ku Zomba, ndipo Lachisanu lililonse kalabu yathu imakumana n'kumakambirana m'Chichewa. Sabata yatha ndinafuna tikambe za amayi pa nkhondo yomenyera ufulu komanso ufulu woponya voti. Ndinkaona ngati kulemba funso n'kwa mphindi zisanu. Ndinagona cha m'ma 11, kope lili lodzaza ndi zofufuta.

Loyamba linali ili: "Fotokozani momwe amayi anathandizira abambo kumenyera ufulu wa dziko lino." Ndinaliwerengera mchemwali wanga, yemwe ankatsuka mbale. Anangofunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti nkhondoyo inali ya abambo, amayi anangobwera kudzathandiza, eti?"

Ananena zoona. Mawu oti "anathandizira" anali atayankha kale funso. Mwana akawaona alemba za kuphika ndi kuvina pamisonkhano, basi. Nanga Rose Chibambo, amene timawagwira tsiku lililonse pa K200, tiwaika pati? Iwo ndi amene anasonkhanitsa amayi kuno ku Zomba m'zaka za m'ma 1950 kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1959 atsamunda anawatsekera m'ndende ali ndi khanda la masiku ochepa. Umenewo ndi utsogoleri.

Manyazi atandigwira ndinalumphira tsidya lina: "Onetsani kuti popanda amayi dziko lino silikanamasuka." Limamveka bwino, koma matenda ake ndi omwewo. Mawu oti "onetsani" atseka khomo, ndipo palibe umboni wa zinthu zomwe sizinachitike. Mwana wochenjera angolemba zomwe akuganiza kuti aphunzitsi akufuna kumva.

Lachitatu ndinati ndikhale wosakondera: "Kodi amayi anapeza bwanji ufulu wa dziko ndi wa voti?" Apa vuto linabisala m'mawu oti "amayi". Amayi ake ati? Kuti ndione bwino ndinayang'ana kwa anzathu a ku South Africa. Kumeneko amayi achizungu analoledwa kuvota mu 1930, ndipo izi zinachepetsa mphamvu ya mavoti a anthu akuda ochepa omwe ankavota ku Cape. Amayi pafupifupi 20,000 omwe anaguba kupita ku Union Buildings ku Pretoria pa 9 Ogasiti 1956 ankakana malamulo a ziphaso. Ambiri mwa iwo anadikira mpaka 1994 kuti avote pachisankho cha dziko. Ndiye ufulu wa voti ndi kumasula dziko siziyenda pamodzi nthawi zonse, ndipo funso loziphatikiza mosasamala limabisa kusiyana kumeneku.

Kwathu kuno nako zinali ndi zake. Pachisankho cha 1961 si wamkulu aliyense amene anavota. Panali zoyenereza zokhudza kudziwa kulemba ndi kuwerenga, ndalama kapena katundu, pa nthawi yomwe atsikana ambiri sankapita patali ndi sukulu. Mayi Chibambo anadzakhala phungu, koma pa mkangano wa nduna wa 1964 anachotsedwa, n'kuthawira ku Zambia komwe anakhala zaka pafupifupi 30. Dziko linamasuka, mmodzi mwa olimasula n'kulisiya.

Pamenepo ndinadziikira mayeso atatu. Funso litchule malo ndi zaka. Lisakhale ndi mawu ogamuliratu mlandu. Ndipo ana awiri otsutsana athe kupeza malikisi onse, bola aliyense abweretse umboni. Lomaliza linatuluka chonchi:

"Pakati pa 1953 ndi 1964, amayi a ku Nyasaland anachita zotani pa ndale zomenyera ufulu, ndipo zomwe anapeza pa voti ndi pa maudindo zinafanana motani ndi zomwe anachitazo?"

Wina atha kunena kuti anapeza zambiri, n'kutchula mpando wa ku nyumba ya malamulo ndi bungwe la amayi m'chipani. Wina atha kunena kuti anapeza zochepa, n'kutchula zoyenereza za 1961 ndi ulendo wa ku Zambia. Onse ali ndi poponda.

Komabe funsoli lili ndi malire. Limakokera kwa amayi omwe mayina awo analembedwa, pomwe a kumudzi omwe ankabisa anthu ndi kutumikira mauthenga sapezeka kwenikweni m'mabuku. Choncho ndinawonjezera kachiganizo pansi, koti umboni wochokera kwa agogo ndi wololedwa, bola unene kuti anaona okha kapena anangomva.

Lachisanu mtsikana wina wa Folomu 3 anakweza dzanja. "Aphunzitsi, inuyo yankho lanu ndi liti?" Ndinamuuza kuti ndili nalo, koma ayambe ndi iye. Belu linalira akadatsutsanabe ndi mnzake, ndipo anatuluka m'kalasi mkangano uli mkati.