Mbuzi inalira pa sekondi ya 74

Filimu ya kalabu yathu ya zisudzo ndi ya mphindi 38. Nkhani yake mwina mwaimva kale: mbuzi ya agogo yasowa, mudzi wonse ukuloza chala mdzukulu wawo, koma wakuba weniweni amadziwika pa mphindi ya 35. Aphunzitsi anandibwereka foni kuti ndidule kachidutswa ka mphindi ziwiri kokopera anthu, chifukwa Lachisanu tikulipiritsa pakhomo. Anandichenjeza kuti: "Ukangoulula wakuba, palibe adzatulutse ndalama yake."

Mphindi ziwiri ndi masekondi 120 basi. Ndinalemba m'kope malo onse ondisangalatsa, ndipo atakwana 19 ndinaona kuti sangalowe onse. Ndinafufuta chilichonse chochitika kupyola mphindi ya 25, ngakhale ndewu ija imene ndimaikonda kwambiri. Masekondi 30 oyamba ndinapatsa agogo ndi khola lopanda kanthu, kuti woonera adziwe chavuta. Pakati ndinaika nkhope za anthu anayi okayikitsa, aliyense masekondi 15 ndendende. Ukapatsa mmodzi nthawi yaitali anthu amamugwira, ukamubisiratu amamugwiranso. Kumapeto ndinadula pamene amfumu akufunsa funso pabwalo, yankho lisanatuluke. Mu CapCut ndi kungoimika pamalopo n'kudina Split, kenako Delete.

Ndinkadziona katswiri ndithu. Madzulo ndinaonetsa mchemwali wanga wa Sitandade 5, yemwe filimuyo sanaionepo, n'kumufunsa kuti waba ndani. Sanachedwe n'komwe. Anatchula munthu yemweyo!

"Wadziwa bwanji?"

"Simunamve achimwene? Mbuzi ikulira kuseri kwa nyumba yawo."

Ndinabweza, n'kugunditsa foni kukhutu. Zoonadi, pa sekondi ya 74, "meee" wapansipansi. Tinachita dala pojambula kuti anthu adzakumbukire pamapeto, koma mu filimu yonse kamawuko kamasowa pakati pa zinthu zambirimbiri. M'kachidutswa kafupi kanali poyera ngati ntchentche mumkaka. Ine masiku awiri onse ndinkangoyang'ana zithunzi, makutu ndinawaiwala.

Ndinatsitsa Volume ya kagawo kameneko kufika pa 0, n'kuikapo ng'oma. Koma ng'oma ikamalira pa munthu mmodzi yekha ndiye kumulozanso, choncho ndinaiika pa onse anayi. Batire linatha ntchito ili pakati, ndinakatchajitsa kumsika, ulendo wa ola lathunthu wapansi.

Mchemwali wanga sakanathandizanso poti akudziwa kale. Ndinayesa anzanga atatu a kumudzi, aliyense payekha. Awiri anatchula anthu osiyana, wachitatu anati mwina ndi fisi.

Mchemwaliyo ndamulonjeza mandasi awiri kuti atseke pakamwa mpaka Lachisanu. Ndiye chonde, mukakumana naye panjira musamufunse.