Amayi, Yesani Foni M'dzanja Musanalipire

Amayi anzanga a kwa Nsamala, mukapita pa msika wa Balaka kukagula foni mumafunsa za batire ndi kamera. Ine ngati namwino ndikufuna muzifunsanso dzanja lanu.

Mafoni ambiri a Tecno ndi itel masiku ano ali ndi galasi la mainchesi 6.5 kapena kuposa, ndi batire la 5000 mAh. Kwathu kuno kotchajitsa ndi kutali, ndiye batire lotere limakopa. Koma foni yake imalemera pafupifupi magalamu 200, ndiye kuti mafoni asanu akufanana ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Ya mabatani nthawi zambiri siifika magalamu 100.

Kuseri kwa dzanja, m'munsi mwa chala chachikulu, muli mitsempha iwiri yokoka chalacho, ndipo imadutsa m'kanjira kothina. Mukamanyamula khanda m'khwapa tsiku lonse, mitsemphayi imakhala yatopa kale. Mukawonjeza foni yotakata, chala chikudzikoka kuti chifike mbali inayo, kanjirako kamatupa.

Mayi wina wa mwana wa miyezi inayi anandidandaulira kuti akulephera kufinya matewera. Poyamwitsa ankalemba mauthenga a pa WhatsApp ndi dzanja limodzi, foni itatsamira pa chala chaching'ono. Ndinamuuza kuti apinde chala chachikulu m'kati mwa chibakera, kenako apendeketse dzanja cha ku chala chaching'ono. Anakuwa ndi ululu. Yesani nanunso pang'onopang'ono. Kukokeka pang'ono si vuto, koma ululu wobaya m'munsi mwa chala chachikulu ndi chizindikiro choti mitsemphayo yavutika.

Pogula chitani chonchi. Gwirani foni ndi dzanja lomwe limakhala lomasuka poyamwitsa. Chala chachikulu chifike pa chilembo chakumapeto mbali inayo osasuntha foni. Kenako izungulizeni ndi chala chachikulu ndi chapakati. Zikatalikirana kwambiri, foniyo yakukulirani. Muiyese ili m'kava, chifukwa kava imawonjezera kukula ndi kulemera. Igwireni mphindi ziwiri mukukambirana mtengo, dzanja likuuzani lokha.

Ngati ntchito yanu ndi kuimba ndi kulandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ya mabatani ndi yokwanira, ndipo moto umakhalitsa masiku angapo.

Ngati yaikuluyo munagula kale, musaitaye. Gwirani ndi dzanja lina, lembani ndi chala cholozera cha dzanja linalo. Uthenga wautali tumizani wa mawu. Poyamwitsa iikeni pamphasa, makamaka usiku pamene tulo tingakugwetsereni foni pamutu pa mwana. Ponyamula mwana, lowetsani chikhatho pansi pa matako ndi msana, osati zala m'khwapa.

Ululu ukapitirira milungu iwiri, pakatupa, kapena dzanzi likamakudzutsani usiku, pitani kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha Balaka. Musangomwa panado nkumapirira. Mukabwera kusikelo, tiwonetseninso dzanjalo.