Zilembo 70 zomwe kasitomala amayamba kuona

Ntchito yanga ndi yomasulira kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa, ndipo makasitomala ambiri ndimawapeza pa Upwork. Kumeneko munthu akamafufuza womugwirira ntchito amaona chithunzi chako, mutu wa mbiri yako ndi mizere yoyambirira ya zomwe walemba zokhudza iwe. Zikapanda kumugwira mtima, wapita kwa wina.

Mutu umalola zilembo 70 zokha, kuphatikizapo mipata. Poyamba ndinalembapo kuti ndine womasulira wakhama ndi wodalirika, ndipo kwa miyezi ingapo kunali zii. Ndinadzazindikira kuti palibe amene amalemba mawu oti "wakhama" pofufuza. Wa ku bungwe la zaumoyo amalemba dzina la chiyankhulo ndi mtundu wa chikalata chomwe chili pa tebulo pake. Ndiye ndinasintha:

```
English-Chichewa (Nyanja) Translator | Health Surveys, Consent Forms
```

Izi ndi zilembo 68. Dzina lachiwirilo ndinalimenyera malo, mpaka kuchotsa kaliwu kena, chifukwa amene ntchito yake ili ku Chipata kapena ku Tete amatchula chiyankhulo chathu kuti Chinyanja, ndipo popanda dzinalo akhoza kundidutsa. Ndimathanso kumasulira nkhani zaulimi, koma ndinazisiya dala. Mutu wotchula zonse suitana aliyense.

Pansi pa mutu pali malo a zilembo 5,000, koma zooneka munthu asanadine ndi mizere iwiri kapena itatu. Apa chikhalidwe chathu chimatipinga. Tinaleredwa kuti mlendo uyambe wamulonjera, udzitchule dzina, ufotokoze kumene wachokera. Moni ndi dzina zikadya mizere imeneyo, watsala wopanda kanthu, chonsecho dzinalo lili kale pamwamba. Ine ndimayamba ndi nkhawa ya kasitomalayo. Chiganizo changa choyamba chimati ndimamasulira mafunso a kafukufuku moti wofunsa akawawerengera mayi wa kumudzi, mayiyo amve osafuna kuwabwerezera. Amene anaonapo kafukufuku akuonongeka chifukwa cha funso lokhota amadziwa kuti ndikunena za iye, ndipo amadina.

Akalowa, ndimamuuza mmene ndimagwirira ntchito. Ndimayamba ndalemba mndandanda wa mawu ovuta, tigwirizane, monga ngati tilembe "kuthamanga kwa magazi" kapena "BP" momwe anthu amanenera kuchipatala. Ndimatchula masamba omwe ndimatha pa tsiku, chiwerengero chenicheni osati cholota, chifukwa adzandigwira nacho. Ndimamaliza pomupempha anditumizire tsamba limodzi ndi tsiku lomwe akufuna ntchitoyo.

Podziwa chomwe chalakwika ndimayang'ana chiwerengero cha anthu otsegula mbiri yanga. Akachepa, ndimayamba kukayikira mutu ndi mizere yoyamba ija. Akamatsegula koma osalemba uthenga, vuto lili m'kati. Ndimasintha chinthu chimodzi, n'kudikira milungu iwiri ndisanakhudze china.